Musanagule mpando wa mwana wa m'galimoto, utembenuzeni kaye

Mipando yambiri ya ana yomwe timaiona m'magalimoto kuno ku Mulanje ndi yakaunjika: ina imagulidwa ku Limbe, ina amatitumizira achibale a ku Joni. Wogulitsa amakuonetsani dzina losokedwa pansalu, monga Chicco, Joie, Maxi-Cosi kapena Combi. Koma nsalu imavulidwa n'kuvekedwa pa mpando wina. Dzina lenileni la kampani, mtundu wa mpandowo ndi nambala yake zimakhala pa pulasitiki, kumbuyo kapena kunsi. Tembenuzani muone ngati zikugwirizana ndi za pansalu.

Kumeneko mupezanso kachipepala komata ka mtundu wa lalanje. Kameneka n'kofunika kuposa dzina, chifukwa ndi umboni woti mpando wa mtunduwo unayesedwa kuti aone mmene ungatetezere mwana pangozi.

Tiyerekeze kuti palembedwa ECE R44/04, pansi pake 9-18 kg, kenaka E4 m'kati mwa kamzere kozungulira. R44/04 ndi lamulo lomwe anatsatira poyesa. Mukaona R44/01 kapena R44/02, mpandowo ndi wakale kwambiri, usiyeni. E4 akutanthauza kuti dziko la Netherlands ndilo linauvomereza. E1 ndi Germany, E11 ndi Britain. Ambiri amayesa kuti ndi komwe unapangidwa, koma ayi.

Manambala a makilogalamu ndiwo ofunika kukhalapo pansi. Tsegulani buku la kusikelo. Ngati mwana wanu ali ndi miyezi 5 ndipo akulemera makilogalamu 7, mpando wa 9-18 kg si wake, ngakhale utakongola chotani. Wake ndi wolembedwa 0-13 kg, womwe umamangidwa choyang'ana kumbuyo kuti galimoto ikaima mwadzidzidzi msana wa mpando ugwire mutu ndi khosi, pakuti khosi la khanda silinakhwime. Mipando yatsopano imalembedwa R129 kapena i-Size, ndipo imatsata msinkhu m'masentimita, monga 40-105 cm. Pa lamulo limeneli mwana amayang'ana kumbuyo mpaka atakwanitsa miyezi 15.

Pali chithunzi china cholembedwa AIRBAG. Chikuchenjeza kuti mpando woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, ngati pali thumba la mpweya lija lomwe limaphulika pangozi. Likaphulika limamenya mpando pomwe pali mutu wa mwana.

Kachipepala ka lalanje kali ndi malire ake. Kamanena za mpando uli watsopano, sikanena zomwe wakumana nazo. Mpando womwe unakhalapo pangozi umatha kukhala ndi ming'alu yosaoneka. Vulani nsalu, muyang'ane pulasitiki ngati ili ndi mizere yoyera kapena yosweka, mukoke malamba, mumange chomangira mumve ngati chikulira kuti "kwapa". Chaka chomwe unapangidwa chimadindidwa pa pulasitikiyo, nthawi zambiri ngati kawotchi kokhala ndi muvi. Ine mpando wosadziwika mbiri yake komanso wopanda kachipepala sindigula, ngakhale atsitse mtengo.