Mpikisano wa pa Facebook wokopa ogula enieni

Mpikisano wa mphoto ndi njira imene amalonda ambiri amakuzira masamba awo a Facebook ndi Instagram. Vuto lake ndi lakuti pali anthu amene amangoyendayenda pa masamba kusaka zaulere. Oterewa amatsatira tsamba lero, mpikisano ukatha n'kuchoka, kapena amatsala koma osawerenga chilichonse. Otsatira achete amapweteka tsamba, chifukwa Facebook ikaona kuti uthenga sukuyankhidwa, imauonetsa kwa anthu ochepa.

Chimene chimasankha olowa mpikisano ndi mphoto. Foni, ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba, mayunitsi ndi bandulo zimafunidwa ndi aliyense, choncho zimasonkhanitsa khamu losadziwa n'komwe chimene tsambalo limagulitsa. Mphoto yabwino imachokera pa katundu wa bizinesiyo, ndipo imakoma kwa munthu yekhayo amene akanagula.

Tiyerekeze mayi wophika makeke ku Area 25 mu Lilongwe. Akalonjeza K40,000 ya pa foni, alandira mayina ochokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, kumene keke yake singafike. Koma akalonjeza keke ya tsiku lobadwa ya mtengo womwewo, yoti wopambana adzatenge yekha ku Area 25 miyezi iwiri isanathe, akutali ndi osowa chochita nayo keke amadzipatula okha. Otsala ndi anthu a mu mzinda amene ali ndi mwambo posachedwa, ndipo amenewo ndiwo ogula ake. Phindu lina n'lakuti iye amangowononga ndalama ya ufa, mazira, shuga ndi magetsi, osati mtengo wonse wogulitsira.

Kalowedwe kake nakonso kamasefa anthu. Kudina Like sikufuna kuganiza, n'chifukwa chake osaka mphoto amakukonda. Ndi bwino kufunsa funso lofuna yankho lenileni, monga lakuti kekeyo ndi ya mwambo wanji, mwezi uti, ndipo ikhale ya chokoleti kapena vanila. Funsoli limatengera munthu mphindi imodzi, koma limapatsa mayi uja chithunzi cha amene angafune keke m'miyezi ikubwerayi. Munthu aliyense alowe kamodzi kokha. Malamulo a Facebook saloleza kuti munthu alowe mpikisano pochita Share pa tsamba lake kapena potchula anzake, ndipo kuchokera mu 2017 kampaniyi imachepetsa kufalikira kwa mauthenga ongopempha Like, Share ndi kutchula anthu.

Malamulo a mpikisano alembedwe mu uthenga womwewo: oyenera kulowa, tsiku ndi ola lotsekera, kasankhidwe ka wopambana, kotengera mphoto, komanso mawu akuti Facebook kapena Instagram sikukhudzidwa ndi mpikisanowo, popeza makampaniwa amafuna zimenezi. Masiku asanu kapena sabata imodzi ndi okwanira. Ukatalika, anthu amaiwala, ndipo mbiri yake imafika kwa osaka zaulere. Mayere achitike poyera, pa kanema, mayina atalembedwa pa timapepala. Tsamba linenenso kuti wopambana salipira kalikonse, chifukwa akathyali amatsegula masamba onamizira n'kumauza olowa kuti atumize ndalama kuti alandire mphoto.

Ntchito yaikulu imayamba mayere akatha. Amene sanapambane angapatsidwe mwayi wogula motsika mtengo pang'ono kwa milungu iwiri, ndipo tsamba lipitirize kuonetsa makeke atsopano, mitengo yake ndi kayitanitsidwe kake, kuti obwera kumene apeze chokhalira. Chithunzi cha wopambana akulandira keke, iye atavomera, chimatsimikizira anthu kuti panalibe chinyengo.

Zotsatira ziyezedwe pakatha mwezi, osati tsiku la mayere. Mwini tsamba alembe chiwerengero cha otsatira mpikisano usanayambe, utangotha, ndiponso patapita masiku 30. Mu chitsanzo chija, ngati analowa atsopano 300 n'kutsala 240, ndipo asanu ndi atatu n'kuitanitsa keke, mpikisano wabweza ndalama yake. Koma ngati atsala 90 ndipo palibe wogula, mphoto kapena kalowedwe kanali kolakwika. Gawo la Insights mu Meta Business Suite limaonetsa mizinda imene otsatira ali. Mizinda yakutali ikachuluka, mayankho akakhala ofanana mawu ndi mawu, kapena maakaunti a olowa akakhala odzaza ndi mipikisano yokhayokha, ndiye kuti afika ndi osaka zaulere. Mipikisano isachitikenso pafupipafupi, chifukwa tsamba logawa zinthu mwezi ndi mwezi limaphunzitsa ngakhale ogula okhulupirika kudikira mphoto m'malo mogula.