Kuvala ndi Kuvula Zovala Zodzitetezera ku Matenda: Ndondomeko Imene Mayeso Amafunsa

Zovala zodzitetezera zimene ogwira ntchito m'chipatala amavala posamalira wodwala matenda opatsirana zilipo zinayi zikuluzikulu: gauni kapena epuloni, masiki, chotchinga maso, ndi magolovesi. Chotchinga maso chimakhala magalasi okhala ndi lamba kapena chishango chapulasitiki chophimba nkhope yonse. Pa mayeso a anamwino, azamba ndi madokotala, funso la zovala zimenezi limabwera kawirikawiri mwa njira imodzi: wophunzira amapatsidwa mayina anayiwo atasakanizidwa, ndipo amauzidwa kuti awaike m'ndondomeko yoyenera, povala kapena povula. Funsoli limaoneka lophweka, koma limagwetsa ambiri chifukwa ndondomeko yovulira si ndondomeko yovalira yongotembenuzidwa.

Kuvala ndiye kosavuta. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi a bungwe lothana ndi matenda la CDC la ku America amagwirizana pa mfundoyi. Munthu amayamba wasamba m'manja, kenaka amavala gauni, kutsatira masiki, kutsatira chotchinga maso, ndipo magolovesi amabwera pomaliza. Zonsezi zimachitika kunja kwa chipinda cha wodwala, asanalowe.

Gauni imayamba chifukwa imamangidwa kumbuyo, pakhosi ndi m'chiuno, ndipo zingwe zake zimafuna zala zomasuka. Masiki imabwera chotchinga maso chisanavalidwe chifukwa kawaya kake ka pamphuno kamayenera kupindidwa bwino kuti kagwire nkhope, ndipo magalasi akakhalapo kale amasokoneza ntchito imeneyi. Magolovesi amakhala omaliza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ndi amene adzakhudze wodwala, choncho sayenera kuyamba agwiragwira tsitsi, makutu ndi zingwe. Chachiwiri, amayenera kukokedwa mpaka ataphimba mapeto a manja a gauni, kuti pamkono pasatsale khungu loonekera. Yankho lililonse la pa mayeso limene laika magolovesi patsogolo pa gauni povala ndi lolakwika, ndipo wophunzira angalichotse asanawerenge n'komwe mayankho enawo.

Nkhani yaikulu ili pa kuvula, chifukwa apa ndi pamene anthu amatengera matenda. Namwino akamaliza ntchito, zovala zija zimakhala zitanyamula tizilombo, koma sizinyamula mofanana. Kunja kwa magolovesi ndiko kodetsedwa kwambiri. Kutsogolo kwa gauni pamodzi ndi manja ake, kutsogolo kwa chotchinga maso ndi kutsogolo kwa masiki nakonso kumatengedwa kuti n'kodetsedwa, ngakhale diso lisaone kanthu. Malo amene amatengedwa kuti ndi oyera ndi mkati mwa magolovesi, mkati ndi kumbuyo kwa gauni, komanso malamba ndi zingwe zimene zili kumbuyo kwa mutu. Ndondomeko yonse yovulira imachokera pa kusiyana kumeneku: chodetsedwa kwambiri chichoke msanga, dzanja lopanda golovesi ligwire malo oyera okha, ndipo mphuno ndi pakamwa zikhale zotetezedwa mpaka pomaliza.

Motero magolovesi, amene anali omaliza povala, amakhala oyamba povula. Dzanja limodzi, likadali m'golovesi, limatsina kunja kwa golovesi linalo n'kulisenda motembenuza, kenaka limalifumbata. Zala za dzanja limene latsala lamaliseche zimalowa pansi pa golovesi lachiwiri cha pamkono, osakhudza kunja kwake, n'kulisenda kuti limeze loyamba lija. Zonse zimatayidwa m'bini ya zinyalala zoopsa. Gauni imamasulidwa kumbuyo, imakokedwa kuchokera pakhosi ndi m'mapewa pogwira mkati mokha, imatembenuzidwa kuti kunja kulowe mkati, n'kukulungidwa kutali ndi thupi. Siikutumulidwa. Chotchinga maso chimanyamulidwa pogwira lamba wakumbuyo. Masiki nayo siigwiridwa kutsogolo, ndipo ikakhala ya zingwe ziwiri, chingwe cham'munsi ndicho chimayamba kumasulidwa. Chapamwamba chikayamba, masiki imagwera pachifuwa ndipo mbali yodetsedwa ija imakhudza yunifolomu.

Pali malo amodzi pamene mabuku amasiyana, ndipo wophunzira amene sakudziwa zimenezi amasokonezeka m'chipinda cha mayeso. Njira yoyamba ya CDC imati magolovesi, chotchinga maso, gauni, masiki, kenaka kusamba m'manja. Njira ya WHO imati magolovesi, gauni, kuyeretsa m'manja, chotchinga maso, masiki, ndi kuyeretsanso m'manja. CDC ilinso ndi njira yachiwiri, imene gauni yotayidwa imakokedwa kutsogolo mpaka zingwe zitaduka, n'kusendedwa pamodzi ndi magolovesi nthawi imodzi, kenaka kutsatira chotchinga maso ndi masiki. Kusiyana konse kuli pakati, pa funso loti chiyambe n'chiti pakati pa gauni ndi chotchinga maso. Kumayambiriro ndi kumapeto kulibe mkangano: magolovesi amatsogola, masiki imatsiriza, ndipo manja amayeretsedwa zonse zikachoka.

Njira ya WHO ili ndi ubwino woonekeratu pa ntchito ya m'wodi, chifukwa dzanja silipita kunkhope mpaka zinthu ziwiri zodetsedwa kwambiri zitachoka ndipo manja atayeretsedwa. Koma pa mayeso, chofunika ndi kudziwa kuti olemba mafunsowo amatsata malangizo ati. Mayeso a NCLEX, amene anamwino amalemba kuti agwire ntchito ku America, amayendera zimene zimaphunzitsidwa kumeneko, ndipo mabuku okonzekera mayesowo amaphunzitsa kwambiri njira yoyamba ya CDC. Ku Britain, kumene anamwino ena ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amakagwira ntchito, epuloni imachoka magolovesi akangochoka, chotchinga maso chisanachoke. Wophunzira wa kuno kwathu ayenera kutsata buku la malangizo opewera matenda limene sukulu yake ikugwiritsa ntchito.

Chitsanzo chimodzi chingaonetse mmene funso lotere limayankhidwira. Funso likuti namwino wamaliza kuyamwa makhololo ndi makina kwa wodwala chifuwa chachikulu cha m'mapapo, amene ali m'chipinda chayekha. Namwinoyo wavala gauni, masiki ya N95, chishango chakunkhope ndi magolovesi. Mayankho alipo anayi. Loyamba likuti masiki, chishango, gauni, magolovesi. Lachiwiri likuti magolovesi, masiki, chishango, gauni. Lachitatu likuti magolovesi, chishango, gauni, kenaka atuluke, atseke chitseko, avule masiki, asambe m'manja. Lachinayi likuti magolovesi, chishango, gauni, masiki, asambe m'manja, kenaka atuluke.

Yankho loyamba limagwa msanga chifukwa likutumiza magolovesi odetsedwa kunkhope. Lachiwiri layamba bwino, koma lavula masiki gauni isanachoke, pamene kuvula gauni kungathe kumwaza tizilombo pafupi ndi mphuno yosatetezedwa. Otsala awiriwo ali ndi ndondomeko yofanana ya zovala, ndipo msampha uli pa chitseko. Tizilombo ta chifuwa chachikulu timayenda mu mpweya ndipo timatha kukhalamo kwa maola angapo wodwala atatsokomola. Masiki ya N95 inapangidwa kuti isefe tinthu ting'onoting'ono ta mu mpweya tosachepera 95 pa 100 tilitonse, ndipo ntchito yake siitha mpaka munthu atachoka mu mpweya umenewo. Namwino wa m'yankho lachinayi waima pasinki kwa mphindi yathunthu akupuma mpweya wa m'chipinda cha wodwala. Yankho lolondola ndi lachitatu: magolovesi, chishango ndi gauni zimavulidwa pakhomo asanatuluke kapena m'kachipinda kapakati ngati kalipo, koma N95 imavulidwa kunja chitseko chitatsekedwa.

Funso lomweli likanakhala la kuvala, pakanaonjezeka kanthu kamodzi kamene ambiri amaiwala. N95 ikavalidwa, munthu amaphimba masikiyo ndi manja awiri n'kupuma mwamphamvu kuti amve ngati mpweya ukutuluka m'mbali kapena pamphuno. Ukamatuluka, malamba ndi kawaya zimakonzedwanso. Izi zimachitika nthawi iliyonse imene masikiyo yavalidwa, chotchinga maso ndi magolovesi zisanavalidwe. Ndevu zimalepheretsa masiki yotere kugwira bwino.

Kusamba m'manja nako kumabisala m'mafunso. Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba, chifukwa amatha kukhala ndi timabowo tosaoneka ndipo dzanja limadetsedwa mosavuta powavula. WHO imati kusamba ndi sopo ndi madzi kutenge masekondi 40 mpaka 60, ndipo kupaka sanitaiza kutenge masekondi 20 mpaka 30. Manja akadetsedwa pakati pa ndondomeko, amayeretsedwa pomwepo munthu asanagwire chovala chotsatira. Funso likatchula manja amene dothi kapena magazi zikuoneka, kapena wodwala wotsekula m'mimba chifukwa cha kachilombo ka Clostridioides difficile, yankho ndi sopo ndi madzi, popeza mowa wa mu sanitaiza sukupha njere zolimba za kachilomboka.

Ndondomeko imene yafotokozedwayi ili ndi malire ake. Ku fiyeta, kumene cholinga ndi kuteteza bala la wodwala, chipewa ndi masiki ndizo zimayamba, kenaka manja amatsukidwa mpaka m'zigongono, kutsatira gauni yophedwa tizilombo ndi magolovesi ophedwa tizilombo. Matenda ngati Ebola ali ndi ndondomeko yawoyawo yaitali, ya magolovesi awiriawiri, thupi lonse lophimbidwa, kuyeretsa manja pa sitepe iliyonse, ndi munthu wophunzitsidwa amene amaimirira pambali kuyang'anira kavulidwe. CDC inakhwimitsa malangizo amenewa mu Okutobala 2014, anamwino awiri a mu mzinda wa Dallas atatenga Ebola posamalira wodwala. Choncho funso likatchula opaleshoni kapena Ebola, ndondomeko ya zovala zinayi ija siikwanira.

Funso lina silifunsa ndondomeko yonse, limangofunsa chinthu choyamba kapena chomaliza, ndipo mawu ake ayenera kuwerengedwa mosamala. Likafunsa chovala chomaliza kuvula, yankho ndi masiki. Likafunsa chochita chomaliza pa ndondomeko yonse, yankho ndi kuyeretsa m'manja.