Miyambi ndi Kavume M'buku la Achebe

M'mutu woyamba wa buku la Things Fall Apart, limene Chinua Achebe wa ku Nigeria adatulutsa mu 1958, Okoye akupita kwa Unoka kukalonjerera ngongole. Safikira kutchula za ngongoleyo. Ayamba acheza kaye, kenaka n'kuponya miyambi ingapo, ndipo cholinga cha ulendo wake chikutuluka pamapeto. Umu ndi mmene Aigbo amayankhulira nkhani yolemera. Miyambiyo ikuteteza ulemu wa wangongole, komanso ikutionetsa kuti Okoye ndi katswiri pakamwa.

Pabwalo la msonkhano, Ogbuefi Ezeugo akufuulira khamu, akutembenukira mbali iyi ndi iyo, anthu n'kumavomera pamodzi. Nkhani ya mkazi wophedwa ku Mbaino akuyitula atamva kuti onse ali naye. Amene adakula akuvomera kuti "Tilitonse" pa nthano sangadabwe nazo.

Nthano yeniyeni ilimonso. Usiku, Ekwefi akusimbira mwana wake Ezinma za kamba amene adabwereka nthenga kwa mbalame, n'kukadya yekha phwando la kumwamba, mpaka adagwa n'kusweka chigoba. Mwanayo akudula mayi ake pakamwa, ndipo pomaliza akudandaula kuti nthanoyo ilibe nyimbo.

Olemba ena amangowaza miyambi kuti buku limveke lachikuda, ndipo imaonekeratu kuti njomata. Kwa Achebe mwambi umatuluka m'kamwa mwa munthu amene akufuna kanthu. Amene amayesa mayankhulidwe otere kutaya nthawi m'bukuli ndi bwanamkubwa wachitsamunda wa m'mutu womaliza.