Kalata ya mayi kwa bambo okonda kubawa

Mayi akalembera mwamuna wake za mowa, ndiye kuti pakamwa zakanika: bambo amafika usiku ataledzera, m'mawa n'kulawirira kuntchito.

Kalata yomveka sinena kuti “ndinu chidakwa”, chifukwa bambo akaona mawu amenewo sawerenganso zotsatira. Imatchula zimene bamboyo sangakane: “Bambo a ana, sabata ino mwabwera ana atagona masiku 5. Lendi sitinalipire, nsima yanu imazizira m'mbale. Sindikukuletsani anzanu. Pitani Loweruka lokha, masiku enawo tizidyera limodzi.”

Pempho lotere n'lotheka, ndipo onse angathe kuona ngati likusungidwa. Iperekedwe m'mawa, mowa utatha m'mutu.

Koma ngati pali kumenyana, kalata siyokwanira. Pitani kwa ankhoswe kapena kupolisi.