Mayeso 9 m'malo mwa 27

Tiyerekeze kuti mwapanga webusaiti yogulitsira matikiti a ndege. Ena adzaitsegula ndi Chrome, ena Firefox, ena Edge. Makompyuta awo amayendera Windows, macOS kapena Linux, ndipo tsambalo lili m'Chingelezi, Chifalansa ndi Chiarabu. Kuti muyese kaphatikizidwe kalikonse, pakufunika mayeso 27. Ngati kugula tikiti kamodzi kukutenga mphindi 20, amenewo ndi maola 9, tsiku lonse lathera pomwepo.

Pali njira yachidule, yoyesa zinthu ziwiriziwiri. Maziko ake ndi akuti zolakwika zambiri m'mapulogalamu zimabuka chifukwa cha chinthu chimodzi, kapena ziwiri zikakumana. Ofufuza a bungwe la NIST ku America anaonetsa zimenezi mu 2004. Mwachitsanzo, Afalansa amalemba mtengo ngati 12,50 osati 12.50, ndiye tsamba lolembedwa mosasamala likhoza kuwerenga bwino mtengowo pa bulawuza ina, n'kusokonezeka pa inzake. Apa zakumana ndi ziwiri: chilankhulo ndi bulawuza. Kaya pansi pake pali Windows kapena Linux, zilibe kanthu.

Choncho chofunika n'chakuti chinthu chilichonse chikumane ndi chinzake cha gulu lina kamodzi. Chrome muiyese pa Windows m'Chingelezi, pa macOS m'Chifalansa, pa Linux m'Chiarabu. Pofika pa Firefox musunthe zilankhulozo: Windows itenge Chifalansa, macOS Chiarabu, Linux Chingelezi. Pa Edge musunthenso, Windows itenge Chiarabu, macOS Chingelezi, Linux Chifalansa. Tawerengani nokha: bulawuza iliyonse yakumana ndi zilankhulo zonse zitatu, chimodzimodzinso Windows ndi anzake aja. Mayeso ndi 9, maola atatu basi. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti mutawonjezera gulu lachinayi, monga masaizi atatu a sikirini, kaphatikizidwe konse kamafika 81, koma mayeso osanjidwa bwino amakhalabe 9.

Zinthu zikachuluka, kusanja pamanja kumazunguza mutu. Pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PICT imasanja yokha, koma muiuze zosatheka. Safari yamakono, mwachitsanzo, kulibe pa Windows ndi Linux:

```
Browser: Chrome, Firefox, Safari
OS: Windows, macOS, Linux
Lang: en, fr, ar
IF [Browser] = "Safari" THEN [OS] = "macOS";
```

Mukaiwala mzere womalizawo, idzakupatsani mayeso oti simungawachite. Mukangowafufuta, mwataya nawo limodzi kukumana kwina komwe kunali mmenemo, monga Windows ndi Chiarabu.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndikufuna muwadziwe. Pamndandanda wathu uja, Firefox ya pa Windows sinayesedwe m'Chiarabu. Ngati batani lolipirira limabisika pokhapokha zitatuzi zikakumana, poti Chiarabu chimalembedwa kuyambira kumanja, mayeso onse 9 adzadutsa bwinobwino, vutolo n'kudzatulukira kwa kasitomala. Ndiye musanasanje, onani kaye zimene makasitomala anu ambiri amagwiritsa ntchito. Kaphatikizidwe kawoko kawonjezereni pamndandanda ndi dzanja lanu, makamaka patsamba lolipirira ndalama.