Mchere ndi mankhwala otsukuluzira m'makina otsukira mbale

Makina ambiri otsukira mbale, makamaka opangidwira ku Ulaya, amafuna zinthu zitatu: sopo, mchere ndi mankhwala amadzimadzi otsukuluzira. Sopo ndiye amachotsa mafuta ndi zotsalira za chakudya. Ziwiri zinazo sizitsuka kanthu. Ntchito yake ndi kukonza madzi, ndipo chilichonse chimawakonza pa nthawi yake.

Vuto limene mchere umathetsa limachokera pansi pa nthaka. Madzi akamadutsa m'miyala ya laimu kapena ya choko amasungunula kashiamu ndi maginiziyamu. Madzi otere amadziwika msanga pakhomo: sopo sachita thovu bwino, ndipo pansi pa ketulo pamamatirira zoyera zolimba ngati nkhoko za mumphika. M'makina otsukira mbale, zoyerazi zimakuta chitsulo chotenthetsera madzi, zimatseka timabowo topopera madzi, ndiponso zimachititsa matambula kuoneka otuwa.

Pofuna kupewa zimenezi, kunsi kwa makina kumakhala kathanki kodzaza timikanda ting'onoting'ono ta utomoni wopangidwa kufakitale. Timikandati timakhala titagwira sodiyamu. Madzi a pampopi akamadutsa pakati pake, timikanda timakola kashiamu ndi maginiziyamu n'kutulutsa sodiyamu m'malo mwake, ndipo sodiyamu sapanga zoyera zolimba zija ngakhale madzi atatentha. Koma timikanda timakhuta. Malo onse akagwidwa ndi kashiamu, madzi amangodutsa mmene abwerera.

Apa ndi pamene mchere umagwira ntchito. Makina amatenga madzi amene mchere wasungunukamo kwambiri n'kuwathira pa timikanda tija. Chifukwa sodiyamu wabwera wochuluka zedi, amakankha kashiamu n'kulanda malo ake, ndipo kashiamuyo amapita kunja limodzi ndi madzi akuda. Choncho mcherewo suyenera kufika pa mbale n'komwe, umangotsitsimutsa timikanda. Munthu akamva kukoma kwa mchere pa tambula yotsukidwa, nthawi zambiri chivindikiro cha posungira mchere sichinamangidwe bwino kapena chang'aluka.

Mchere wa makinawa ndi wofanana ndi wodya, kungoti ndi wa mibulu ikuluikulu ndipo suphatikizidwa ndi china chilichonse. Wa patebulo suyenera, chifukwa ndi wosalala kwambiri komanso kawirikawiri amauthira mankhwala oletsa kugwirana, amene angatseke njira za madzi ndi kuipitsa timikanda. Choopsa kwambiri ndi kuthira sopo wa ufa posungira mchere molakwitsa, pakuti zimenezi zimawononga kathanki konse.

Posungira mchere pali pansi m'kati mwa makina, ndipo pamaoneka munthu akatulutsa dengu lam'munsi. M'makina ambiri mumalowa mchere wapakati pa kilogalamu 1 ndi 2. Ngati makina ndi atsopano, poyamba amathiramo madzi mpaka kudzaza, kenako mchere pogwiritsa ntchito fanelo. Masiku ena onse madzi amakhalamo kale, ndipo amasefukira mchere ukamalowa, zomwe si vuto. Vuto ndi kusiya madzi amcherewo atakhazikika pansi, chifukwa amadya chitsulo n'kusiya timadontho ta dzimbiri. N'chifukwa chake mchere uyenera kuthiridwa pamene makina atsala pang'ono kuyatsidwa, kuti zotayikira zikokoloke nthawi yomweyo.

Makina ambiri sadziwa okha kuti madzi a m'deralo ali ndi laimu wochuluka bwanji, amafunika kuuzidwa. Muyeso wofala m'mabuku a makinawa ndi wa ku Germany, wolembedwa °dH, ndipo 1 °dH ndi pafupifupi mamiligalamu 17.8 a laimu pa lita imodzi. Chitsanzo ndi nyumba ya ku London, mzinda umene madzi ake ali ndi laimu wambiri chifukwa cha miyala ya choko ya m'chigawocho. Ngati kampani ya madzi yanena kuti m'dera la nyumbayo muli mamiligalamu 280 pa lita, nambalayo ikagawidwa ndi 17.8 imapereka pafupifupi 16 °dH. Pa makina ambiri a Bosch, amene amachunidwa kuyambira H00 mpaka H07, madzi a 13 mpaka 16 °dH amagwera pa H04. Makina omwewo atapita kudera la madzi osapitirira 6 °dH, monga mbali zambiri za Scotland, angaikidwe pa H00 ndipo safunanso mchere. Amene amatunga madzi pachitsime chokumba pakhomo alibe kampani yowauza nambala, koma timapepala toviika m'madzi toyezera laimu timapereka yankho lokwanira.

Kuchuna kumeneku n'kumene kumalamula kuti mchere uzitha msanga kapena mochedwa, chifukwa nambala ikakwera makina amatsitsimutsa timikanda pafupipafupi. Motero palibe tsiku limodzi loyenera nyumba zonse. Chodalirika ndi kagetsi ka pamakina kokhala ndi mivi iwiri yokhota, kapena mawu akuti Salt. Kagetsiko kakapanda kuzima mchere utangothiridwa, si kuti makina afa: m'makina ambiri kamadikira kuti mchere usungunuke mokwanira.

Mankhwala otsukuluzira ali ndi malo awo pachitseko, pafupi ndi poikapo sopo, ndipo amatuluka pang'ono chabe, mamililita ochepa, m'madzi otentha omalizira. Madzi paokha amakonda kuunjikana m'madontho, ndipo dontho lililonse likauma limasiya chizindikiro cha zimene zinasungunukamo. Mankhwalawa amafooketsa kugwirana kwa madzi pamwamba pake, kotero kuti amayala mopyapyala n'kutsetsereka. Otsala ochepawo amauma msanga ndi kutentha kwa mbale. Ambiri mwa mankhwalawa amakhalanso ndi asidi wofanana ndi wa m'mandimu, wothandiza kuti laimu wotsala asamatirire. Pa ziwiya za pulasitiki mphamvu yake imachepa, chifukwa pulasitiki sasunga kutentha.

Nthawi yowonjezera ikakwana, kagetsi kooneka ngati dzuwa kapena nyenyezi kamayaka, pena ndi mawu akuti Rinse aid. Amathira mpaka pamzere wolembedwa max, ndipo otayikira ayenera kupukutidwa, apo ayi makina amachita thovu lambiri. Matambula akamatuluka ndi madontho ouma, muyeso wake ukwezedwe ndi sitepe imodzi. Akamatuluka ndi mizere yobiriwira kapena ya mitundu ya utawaleza, mankhwala achuluka ndipo muyeso utsitsidwe.

Sopo wa mibulu amene amati ali ndi zonse pamodzi amasokoneza anthu ambiri. Mibuluyi ili ndi mankhwala omanga laimu m'madzi otsukira, koma sitsitsimutsa timikanda. Opanga makina monga Bosch amati imakwanira mpaka pa 21 °dH, ndipo kupitirira apo mchere ndi mankhwala otsukuluzira zimafunikabe. Ngakhale pansi pa malire amenewa, mbale zimauma bwino mankhwala otsukuluzira akakhala apadera, pakuti mbulu umasungunuka koyambirira pomwe mankhwalawo amafunika kumapeto.

Tambula yotuwa ingayesedwe ndi kansalu koviika mu viniga. Kutuwako kukachoka, anali laimu, ndipo pamafunika kuona ngati mchere ulipo komanso ngati nambala yochunidwa siyatsika kwambiri. Kukapanda kuchoka, ndiye kuti galasi lenilenilo ladyeka, zomwe zimachitika madzi opanda laimu akakumana ndi sopo wochuluka ndi kutentha kwambiri. Tambula yotere sibwereranso mwakale, koma zotsalazo zingatetezedwe potsitsa nambala ya laimu kuti igwirizane ndi madzi a m'deralo, pochepetsa sopo, ndi posankha pulogalamu yosatentha kwambiri.