Kalata yokana ngongole yomwe munthu sanatenge

Kalata yokana ngongole imalembedwa munthu akapeza kuti dzina lake laikidwa pa ngongole yomwe iye sanatenge. Imapita ku bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu, lomwe ambiri amangolitchula kuti CRB. Ku Malawi mabungwewa amayendera lamulo lomwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2010 n'kulikonzanso mu 2016, ndipo amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Malawi. Odziwika kwambiri ndi awiri, Credit Data CRB ndi TransUnion.

Bungwe la CRB silikongoza ndalama. Limangosunga zomwe mabanki, mabungwe a ngongole zing'onozing'ono, masako ndi ena obwereketsa alitumizira: wakuti anatenga zakuti, wabweza zakuti, watsala ndi zakuti. Ndiye munthu akafika pa ofesi yawo n'kunena pakamwa kuti ngongoleyo si yake, kalaliki sangangoifufuta ngakhale atamumvera chisoni. Ayenera kukafunsa kaye kwa amene anatumiza nkhaniyo. Ntchito ya kalata ndi kuyambitsa kufunsako, ndiponso kukakamiza wobwereketsa kuti atulutse umboni. Kalata yongodandaula, yosapempha umboni, kawirikawiri imayankhidwa ndi mzere umodzi wakuti wobwereketsa watsimikiza kuti ngongoleyo ilipo.

Ambiri amadziwa za vutoli mochedwa. Munthu wapita kukapempha ngongole ya feteleza kapena ya fizi, a ku banki n'kumuuza kuti dzina lake lili ndi banga ku CRB. Asanalembe chilichonse, ayenera kupita ndi chiphaso chake cha unzika kukapempha lipoti lake lonse, ndipo ndi bwino kulitenga ku mabungwe onse awiri, chifukwa zomwe lina lasunga sizifanana nthawi zonse ndi za linzake. Pa lipotipo pamaoneka dzina la wobwereketsa, nambala ya ngongole, tsiku lomwe inatsegulidwa, ndalama zomwe zinatengedwa ndi zomwe zatsala. Pamakhalanso mbiri ya mwini wake: tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, manambala a foni, keyala, nthawi zina ndi malo antchito. Mbali yachiwiriyi anthu amaidumpha chifukwa mtima uli pa ndalama, koma ndi pamene pamaonekera gwero la vuto.

Ngati dzina ndi lofanana koma tsiku lobadwa kapena nambala ya chiphaso zikusiyana, mwina kwangochitika kusokoneza anthu awiri. M'dziko lodzaza a Banda, a Phiri ndi a Mwale zimenezi sizodabwitsa, makamaka pa ngongole zakale zomwe zinatengedwa chaka cha 2017 chisanafike, anthu ambiri asanalandire ziphaso za unzika. Koma ngati nambala ya chiphaso ndi yolondola, pamene foni ndi keyala ndi zachilendo, ndiye kuti wina anagwiritsa ntchito chiphasocho. Fotokope ya chiphaso imasiyidwa m'malo ambiri: pofunsira ntchito, polembetsa simukhadi, kwa munthu amene analonjeza kuthandiza kupeza ngongole. Palinso chinthu china chofunika kudzifunsa moona mtima. Amene anasainira mnzake ngati mboni yomuimira pa ngongole, kapena anali m'gulu lomwe linakongola pamodzi, akhoza kulembedwa ngakhale sanagwireko ndalamazo. Wotereyu sangalembe kuti ngongoleyo saidziwa, ndipo akatero siginecha yake idzamutsutsa.

Tiyerekeze mphunzitsi wa pa sukulu ina ya pulayimale ku Dedza. Lipoti lake likuonetsa ngongole ya K850,000 yomwe inatsegulidwa pa 14 Malichi 2023 ku nthambi ya bungwe lina lobwereketsa ku Mzuzu, ndipo palibe yomwe inabwezedwapo. Nambala ya chiphaso ndi yake, koma foni yolembedwapo si yake. Iye sanakongolepo ku bungwelo, ndipo tsikulo linali Lachiwiri, anali m'kalasi. Chiphaso chake sichinasowepo, koma fotokope yake anaipereka m'malo angapo.

Mphunzitsiyu asanagwire cholembera, apite kupolisi akanene kuti wina watenga ngongole m'dzina lake, ndipo atenge lipoti la apolisi kapena nambala ya nkhaniyo. Alembenso chikalata cholumbira pamaso pa loya kapena majisitireti chonena kuti ngongoleyo sanatenge ndipo sanatume munthu. Kwa mphunzitsi wamkulu apemphe kalata, kapena fotokope ya tsamba la buku losainira aphunzitsi la tsikulo. Zikalata zitatuzi ndi zomwe zimasiyanitsa iye ndi munthu wongothawa ngongole, pakuti naye wothawayo amanena mawu omwewo, akuti si ine.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi. Pamwamba pakhale keyala, foni ndi tsiku. Maofesi ambiri amalemberana m'Chingerezi, choncho amene angathe alembe m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi zomwezi:

"Bwana, KUKANA NGONGOLE YOLEMBEDWA M'DZINA LANGA. Ine, mwini chiphaso cha unzika chomwe fotokope yake ndaphatikiza, ndikukana ngongole yomwe ili pa tsamba lachiwiri la lipoti lomwe munandipatsa. Ngongoleyo ndi ya K850,000, nambala yake ikuthera ndi 4417, ndipo akuti inatsegulidwa ku Mzuzu pa 14 Malichi 2023. Sindinapemphe ngongoleyi, sindinasainire, sindinalandire ndalamazo, ndipo sindinalole munthu aliyense kukongola m'dzina langa. Nambala ya foni yomwe yalembedwa pa ngongoleyi si yanga. Pa tsikulo ndinali ku ntchito ku Dedza, monga kalata ya mphunzitsi wamkulu ikuonetsera.

"Ndikupempha kuti mulembe pa mbiri yanga kuti ngongoleyi ikutsutsidwa, kufikira nkhaniyi itatha. Ndikupempha kuti muitanitse kwa wobwereketsa fomu yofunsira ngongole, pangano losainidwa, chiphaso chomwe chinaperekedwa, ndi akaunti kapena nambala ya foni yomwe inalandira ndalamazo. Umboniwu ukapanda kupezeka, ngongoleyi ichotsedwe, mundipatse lipoti lokonzedwa, ndipo mudziwitse mabanki omwe anaona lipoti lolakwikalo. Yankho lanu likhale lolemba. Ndaphatikiza lipoti la apolisi, chikalata cholumbira, kalata ya kuntchito ndi tsamba la lipoti lomwe ndazunguliza ngongoleyo. Ine wanu," kenako siginecha ndi dzina lonse monga lilili pa chiphaso.

Pa zonse zomwe zapemphedwa m'kalatamu, chachikulu ndi funso la komwe ndalama zinapita. Siginecha munthu akhoza kuitengera, ndipo kukangana ngati ndi yeniyeni kapena ayi kumatenga nthawi. Koma ndalama zotumizidwa ku akaunti ya banki kapena pa foni zimasiya mapazi. Akaunti ili ndi mwini wake, simukhadi nayo inalembetsedwa m'dzina la munthu. Zikapezeka kuti K850,000 ija inalowa mu akaunti ya munthu wina, wobwereketsa ndiye ayenera kufotokoza chifukwa chomwe anaperekera ndalama za mphunzitsi kwa mlendo. Ngati inaperekedwa pamanja, pafunika kuona risiti ndi dzina la wantchito amene anapereka, pakuti nthawi zina chinyengo chotere chimakhala ndi dzanja la wamkati. Ndipo ngati wakubayo analembetsanso simukhadi ndi chiphaso chomwecho, mphunzitsi afunse ku kampani ya foni manambala onse olembedwa m'dzina lake, akane yachilendoyo, n'kuuza apolisi.

Pali mawu omwe amaononga kalata yabwino. Ena, pofuna kuoneka aulemu, amalemba kuti sakukumbukira kuti anatengapo ngongole yotere. Kusakumbukira si kukana, ndipo wowerenga adzangoti munthuyu waiwala. Ena amapempha kuti awachotsereko chiwongoladzanja, kapena amalonjeza kuti ngati ndi zoona adzabweza pang'onopang'ono. Choopsa kuposa zonse ndi kulipirako kenakake pofuna kuti otolera ngongole asiye kuimba foni. Ngakhale K5,000 yokha ikhoza kutengedwa ngati umboni wakuti munthu wavomera kuti ngongoleyo ndi yake. Kutchula dzina la munthu amene akumuganizira nakonso n'kosafunika m'kalata ya ku CRB. Zoganizira zikanenedwe kupolisi, kumene zingafufuzidwe.

Kalata ikatha, ipangidwe makope atatu. Imodzi ipite ku CRB, ina kwa wobwereketsa, makamaka ku likulu lawo osati ku nthambi yokha yomwe inapereka ngongoleyo, ndipo yachitatu isungidwe kunyumba. Popereka pamanja, wolandira adinde chidindo ndi kulemba tsiku pa kope yotsalayo. Potumiza pa imelo, uthengawo usungidwe. Zikalata zenizeni zisachoke m'manja mwa mwini wake, aperekeko mafotokope okha, ndipo pa fotokope ya chiphaso ndi nzeru kulembapo mopingasa ntchito yomwe yaperekedwera ndi tsiku, kuti isakatengerenso ngongole ina. Ngati ngongoleyo ikuoneka ku mabungwe onse awiri, aliyense alandire kalata yake, chifukwa kukonza kwa mmodzi sikufika kokha kwa mnzake. Kwa wogwira ntchito m'boma, monga mphunzitsiyu, ndi bwino kuonanso pepala la malipiro, popeza ngongole zambiri za ogwira ntchito m'boma zimadulidwa ku malipiro. Ngati kudula kwayamba, kope ina ipite kwa oona za malipiro kuntchito.

Popereka kalata, mwini wake afunse kuti yankho lidzabwera pakapita masiku angati, ndipo alembe tsikulo. Amalawi okhala ku South Africa adziwe kuti kumeneko lamulo la ngongole la 2005 limapatsa bungwe lotere masiku 20 ogwira ntchito kuti lipeze umboni wodalirika, ndipo likalephera liyenera kuchotsa zomwe zikutsutsidwazo.

Yankho likabwera kuti ngongoleyo yachotsedwa, nkhani sinathe. Obwereketsa amatumiza mbiri za makasitomala awo mobwerezabwereza, ndipo ngati sanakonze m'mabuku mwawo, ngongole yofufutidwa ikhoza kubwereranso. N'chifukwa chake pamafunika kalata yochokera kwa wobwereketsa mwiniwakeyo, yonena kuti munthuyo alibe nawo ngongole, komanso kutenganso lipoti pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Yankho likakhala lakuti ngongoleyo yatsimikizika, mphunzitsi alembenso kufunsa kuti yatsimikizika ndi chikalata chiti, ndipo apemphe kuchiona. Kunena kuti dzina lili m'kompyuta si umboni, chifukwa kompyutayo ndi yomwe ikutsutsidwa. Akakanizidwa kuona zikalatazo, kapena akangokhala chete osamuyankha, dandaulo lipite ku Banki Yaikulu ya Malawi, komwe bwanamkubwa wake ndiyenso mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma mwalamulo. Kumeneko amafuna kuona kuti wodandaula anayamba wakambirana ndi bungwe lomwe akulidandaula, ndipo kope yodindidwa ija ndiyo imaonetsa zimenezo. Khoti ndi njira yomaliza, ndipo amene sangakwanitse kulipira loya akhoza kukapempha thandizo ku bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu, la Legal Aid Bureau. Kulikonse kumene nkhaniyi ingafike, choyamba kufunsidwa chidzakhala kalata yoyamba ija ndi tsiku lomwe inalandiridwa.